Anabwera Kudzayezetsa Mantha

Che Sumani analowa m'chipinda changa Lachiwiri m'mawa osagogoda, atatsogoza mtsikana wofunda mpango wobiriwira. Anaika mabuku awiri a kuchipatala patebulo ngati munthu wodzabweza katundu kusitolo.

"Anesi, zinazo tathana nazo uko," anatero akuloza kumene amayezera magazi. "Mnyamata ali bwino, mtsikana ali bwino, alihamudulila. Chatsala ndi chanu chija."

"Changa chiti?"

"Mantha aja. Mumuyeze mwanayu, tione ngati ali m'magazi."

Ine ndine Martina, kwathu ndi ku Balaka, ndipo ndakhala namwino wa matenda a maganizo pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi Ntaja kwa zaka khumi ndi ziwiri. Anthu andipemphapo zambiri. Wina anafuna jakisoni woiwalitsa mkazi amene anamuthawa. Koma wodzayezetsa mantha ndinali ndisanamuonepo, ndipo chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'choti ndinadziwa pomwepo kumene bamboyu anazitenga. Anazitenga pakamwa panga.

Chaka chapitacho bungwe lina linatiitanira ku maphunziro ku Balaka. Tinakhala masiku atatu m'holo yozizira, tikumwa fanta ndi kuonera zithunzi pakhoma. Mphunzitsi wake, mnyamata wa tayi yofiira, anatiuza kuti zoopsa zimene kholo linakumana nazo zimalembeka m'thupi n'kupita kwa ana ndi adzukulu. Anatchula mawu aakulu, epijenetikisi, kenaka anatisonyeza chithunzi cha mbewa. Tonse tinaomba m'manja. Ine ndinazikonda kwambiri, chifukwa ndinali nditatopa ndi kuuza anthu kuti wodwala maganizo sanalodzedwe ndipo sakuchita dala. Ndinaona ngati ndapeza chibonga. Nditabwerera ndinasonkhanitsa anthu odzipereka othandiza zaumoyo m'midzi pansi pa mtengo wa mango, ndipo poti mawu aakulu aja Chichewa chake ndinalibe, ndinadula njira. Ndinati, "Mantha a makolo amayenda m'magazi." Che Sumani anali pabenchi yakutsogolo, akulemba m'kope mwa khama lawo lonse.

Patatha miyezi inayi kunabwera dokotala wamkulu kudzayendera ntchito yathu. Ndinamufotokozera monyadira zimene ndinaphunzitsa, iye n'kungogwira chibwano. Ananditumizira zowerenga pafoni, ndipo ndinawerenga sabata yathunthu nkhope ikutentha. Koma sindinaitanenso anthu aja kuti ndikonze. Ndinati aiwala. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo wangawo unali utakhala pampando patsogolo panga, utavala mkanjo woyera.

Nkhani yake inali iyi. Mtsikanayo anali Zaina, wa m'mudzi wina cha ku Nselema, mphunzitsi wa sukulu ya mkombaphala. Anali pa ubwenzi ndi Faizal, mphwawo wa Che Sumani, amene amakonza mafoni ku Balaka. Che Sumani, monga mjomba wake wa mnyamatayo, ndiwo anali ankhoswe, ndipo ukwati wa kumzikiti unali utatsala milungu itatu. Tsiku lina pamsika wa Ntaja tayala la lole linaphulika. Anthu anadzidzimuka n'kuseka, koma Zaina anadzigwetsa pansi pa benchi ya tomato, manja ali kumutu, ndipo amake a Faizal anali pomwepo akuona. Ankhoswe ntchito yawo ndi kufufuza mtundu asanapereke mwana: kuli khunyu kodi, kuli misala? Che Sumani anafufuza, n'kupeza zimene mudzi wonse umadziwa. Mayi a Zaina, Abiti Haruna, anathawa nkhondo ya ku Mozambiki mu 1987 ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mpaka lero akamva chilichonse chophulika amathamangira kumunda wa chinangwa.

"Che Sumani, chipangizo choyezera mantha kulibe," ndinatero. "Kuno kulibe, ku Blantyre kulibe, kwa azungu kulibe."

"Nanga munadziwa bwanji kuti ali m'magazi?"

Funso lake linali labwino, ndipo ndinadana nalo chifukwa cha ubwino wakewo.

"Ndinalankhula mopitirira. Ndinalakwitsa."

Anatulutsa kope lija m'thumba, nanyowetsa chala, natsegula pomwepo penipeni. "Mbewa. Munati mbewa. Ndinalemba."

Ndinafotokoza pang'onopang'ono. Ndinati inde, akatswiri ena anatenga mbewa zamphongo za m'labu, n'kumazinunkhitsa fungo lina uku akuzigwiritsa magetsi kumapazi, ndipo anapeza kuti ana ndi adzukulu a mbewazo ankadzidzimuka msanga akamva fungo lomwelo. Koma ngakhale akatswiri anzawo akukanganabe za zotsatirazo, ndiponso mbewa ndi mbewa. Mbewa ukhoza kuilekanitsa ndi bambo wake isanabadwe kuti uone chimene yatengera. Munthu sungatero. Mwana wa munthu amatenga thupi kwa kholo lomwelo limene limamubereka kumbuyo, kumulanga, kumuuza nkhani kapena kumubisira, ndiye ukampeza ndi mantha sudziwa kuti alowera khomo liti.

"Munatinso za Ayuda," anatero asakuchotsa chala pakope.

"Ndinanena. Anayeza anthu opulumuka kundende zoopsa za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse pamodzi ndi ana awo, n'kupeza timazindikiro tosiyana pa malangizo a chibadwa amene ali m'maselo. Timazindikiro timeneti tilipodi, timasintha ndi njala, fodya, nkhawa, ukalamba. Koma oyezedwawo anali ochepa kwambiri, makolo osafika makumi anayi, ndipo ana aja anakulira m'nyumba za makolo omwewo. Komanso mwana akamapangika m'mimba, timazindikiro tambiri ta makolo timafufutika, thupi limayambanso pafupifupi patsamba loyera. Palibe amene wasonyeza bwinobwino mwa anthu kuti zimene mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi anaona zinalembeka m'mazira ake n'kukasintha mtima wa mwana wobadwa patapita zaka khumi ndi zinayi."

"Pafupifupi," anabwereza Che Sumani. Pa mawu onse aja anatola amenewo. "Ndiye mungalumbire kuti mulibe?"

"Sindingalumbire. Ndikunena kuti umboni wake ndi wofooka. Mtima wofulumira kuda nkhawa umatha kuyenda m'mtundu pang'ono, monga mmene msinkhu umayendera, koma umenewo uli m'mabanja onse, lanu lomwe, ndipo sunabwere ndi nkhondo."

"Iyayi, anesi, musandizunguze. Chaka chatha munati eya. Lero mukuti kaya. Ine ndikauze chiyani mlongo wanga? Kuti kaya? Mwana wa eni sindingamumangire ukwati pa kaya."

Anatola buku la Faizal, nasiya la Zaina patebulo, natuluka kukafuna kabaza.

Mtsikanayo anatsala. Ndinaona kuti anakhala pampando woyang'ana kuchitseko, ndipo chitatsekeka anadzuka n'kuchitsegula pang'ono. Anali wamtali, wa maso odekha, osati munthu amene ungamuganizire kuti akhoza kulowa pansi pa benchi.

"Anesi," anatero motsitsa mawu, "kachipangizo ka malungo kaja muli nako?"

"Ukumva malungo?"

"Iyayi. Mungondibaya chala. Katuluka mzere umodzi, muwaitane muwaonetse. Iwo aja sangasiyanitse."

Kabokosi ka tizipangizoto kanali pashelefu kumbuyo kwanga, ndipo ndikuvomera kuti ndinatembenuka kukayang'ana. Mphindi khumi ndi zisanu zokha, ukwati n'kupulumuka. Koma Che Sumani akanalemba m'kope lija kuti ku Ntaja amayeza mantha, ndipo mwezi wamawa pakhomo panga pakanakhala mzere wa ankhoswe, aliyense ndi mtsikana wake. Tsiku lina mtsikana wina akanapezeka ndi malungo enieni, mizere iwiri, n'kutaya banja.

"Sindingathe, Zaina."

"Ponama koyamba munatha."

Sindinaname dala, koma kwa iye kusiyana kwake kunali kotani? Ndinamufunsa za tsiku la tayala lija. Anati sanaganize n'komwe, thupi linangochita zimene linazolowera. Ali wamng'ono, kukagunda bingu kapena njinga yamoto ikaphulitsa utsi, amake ankawagwira iye ndi Lydia n'kuwapanikiza pansi, kuwatseka pakamwa, mpaka phokoso litatha. Za nkhondo sanawauzepo kanthu. Zaina anamva kwa anthu kuchitsime kuti agogo ake aamuna anaphedwa ana akuona, ndi kuti amake, ali mwana, ananyamula mng'ono wawo kumbuyo mpaka kumalire a ku Nayuchi osadziwa kuti wamwalira kale panjira.

"Lydia ndi ndani?" ndinafunsa.

"Mchemwali wanga. Koma si wobadwa naye. Amake anali anansi athu, Alomwe, anamwalira iye ali ndi miyezi isanu, amayi n'kumutenga."

"Iyeyo akamva chophulika amatani?"

Zaina anamwetulira koyamba. "Ameneyo ndiye amandiposa. Tsiku lina ku tchalitchi kwawo, poti iye anatsata mpingo wa amake omubereka, chinkuzamawu chinalira, anapezeka ali pansi pa benchi ya kwaya."

Ndinaona pomwepo kuti ndapeza mwala woponyera Che Sumani. Ndikudziwa bwino kuti munthu mmodzi si umboni, ndinali nditangomaliza kunyoza kafukufuku wa anthu makumi atatu, koma ndinali ndi njala yopambana. Zaina anandipempha kuti ndifike kwawo Lachisanu, pamene ankhoswe a mbali zonse anali kudzakumana akatuluka kumzikiti. Tsikulo tinali ndi sikelo ya ana cha ku Nselema komweko, ndiye ndinavomera.

Kwa Abiti Haruna kunali kosesedwa mpaka kuseri kwa khola. Anayala mikeka pansi pa mtengo wa mbwemba. Amuna anakhala uku, Che Sumani ndi mkulu wina wa kuchikazi amene ankangovomereza chilichonse, ife akazi uko. Faizal anakhala pambali atagwira foni, maso ali pansi, monga amachitira anyamata pamene akulu akukamba za moyo wawo. Abiti Haruna anali mayi wochepa thupi, wa manja olimba. Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Ndinu anesi aja munati si kufuna kwathu?" anandifunsa. "Anthu anabwera kudzandiuza. Sikomo kwejinji," anathokoza m'Chiyao.

Ndinayenera kumvetsa pomwepo chimene mawu anga akale aja anali kwa mayiyu. Sindinamvetse. Maganizo anga anali pa Che Sumani ndi kope lawo.

Anayamba ndi iwo. Anati banja la Faizal lilibe chifukwa ndi mtsikanayu, ndi waulemu, amaswali osajomba pemphero, koma make mbuu mwana mbuu, ndipo anesi okha anaphunzitsa kuti zimenezi zimafika kwa adzukulu. Atandipatsa mpata ndinabwereza zonse za Lachiwiri, mwachidule. Ndinawonjezera kuti kumene afufuza ana a anthu opulumuka ku nkhondo, ambiri a iwo amakula bwinobwino, amagwira ntchito, amalera mabanja. Ndinati Zaina amasunga ana a eni makumi anayi m'mawa uliwonse ndipo palibe kholo linadandaulapo. Che Sumani ankangogwedeza mutu ngati akumvera wogulitsa mankhwala m'basi.

Pamenepo ndinaponya mwala wanga.

"Lydia mukumudziwa?"

"Mlomwe uja? Tikumudziwa."

"Ali ndi dontho la magazi a mayiwa?"

"Alibe."

"Nanga bwanji naye amagwa pansi kukaphulika kanthu, kuposa Zaina amene? Magazi anawatenga kuti? Anawo anaphunzira, Che Sumani. Mwana amayang'ana nkhope ya amake kuti adziwe ngati dziko lili bwino. Amake akanjenjemera, naye amanjenjemera. Akamupanikiza pansi kakhumi, kakhumi ndi chimodzi amadzigwetsa yekha. Ndipo kukakhala kuti m'nyumba muli chinthu chachikulu chimene sichitchulidwa, mwana amachimvabe. Njira imeneyi ndiyo ili ndi umboni wambiri, osati ya magazi. Ubwino wake ndi woti chophunzira chimatheka kuchisintha."

Ndinamva kukoma, sindikana. Mkulu wa kuchikazi uja anati, "Eya, eya, zoona." Faizal anadzutsa mutu. Che Sumani anatseka kope lawo pang'onopang'ono, nalibweza m'thumba, ndipo ndinati basi ndagwetsa njovu.

"Apa ndiye mwalankhula, anesi," anatero. "Ndamva bwino. Si magazi, ndi kaleredwe."

"Kwakukulu, inde, mmene tikudziwira panopa."

"Ndiye kuti ngakhale mwana wa mtundu wina, ukamuika m'manja mwa mayiwa, amatuluka chimodzimodzi."



"Sindinatero ine."

"Mwatero. Lydia." Anatembenukira kwa mkulu uja. "Mwambo wathu mukuudziwa. Mnyamata amabwera kudzamanga kuno kuchikamwini. Iye azikakhala ku Balaka mkati mwa sabata, mkazi ali kusukulu m'mawa wonse. Mwana akabadwa azitsala ndi ndani? Ndi agogo ake. Ndiye titenge mbeu yathu tiibzale m'munda womwewo umene anesi atisonyeza zokolola zake kawiri?"

Ndinayesa kubweza. Ndinati ana awiri si umboni, iwo anati ndinabweretsa ndine. Ndinati mayiwa analera anawo okha, mwamuna atamwalira, m'zaka za njala, wopanda womufunsa kuti mtima uli bwanji, ndipo lero zinthu zikhoza kusiyana. Ndinati thandizo lilipo, kukambirana kwa milungu ingapo kumachepetsa mantha otere mwa anthu ambiri, ndipo kholo likathandizidwa ana amapindula. Che Sumani anafunsa ngati ndingalumbire kuti mayiwa achira. Bambo ameneyu ankafuna lumbiro pa chilichonse, ndipo ntchito yanga ilibe malumbiro. Ndinalakalaka kumulanda kope lija ndikaliponye m'chimbudzi.

Chigamulo chawo chinali chokonzeka ngati anabwera nacho m'thumba. Ukwati uchitike, koma Zaina atengedwe, akakhale ku Balaka. Ana akabadwa asamasiyidwe ndi agogo awo akuchikazi, ngakhale tsiku limodzi, ndipo kubwera kuno azibwera ndi bambo wawo, kuona n'kubwerera. Akakana, aliyense ayende yake.

"Ine sindingasiye amayi," anatero Zaina. "Faizal, lankhula."

Faizal anayang'ana mjomba wake, nayang'ana foni. "Ndimakufuna, Zaina. Koma akulu anena."

Akulu anena! Ndikanakhala ndi jakisoni wolimbitsa msana ndikanamubaya pomwepo.

Abiti Haruna ndiwo anathetsa nkhani. Nthawi yonseyi anali atakhala miyendo yotambasula, akuyang'ana manja awo. Sanalire. Analankhula m'Chiyao kaye, kenaka anabwereza m'Chichewa kuti ine ndimve.

"Mutengeni. Mwana asakalambe pakhomo chifukwa cha ine. Zaina, khala chete, ndanena ndine."

Mkulu uja anati eya, eya, zoona. Anawerenga dua, pemphero lotsekera, anthu anagwirana chanza, ndipo anatibweretsera mpunga wa ku Chiuta ndi nkhuku. Potsanzikana Che Sumani anandithokoza ndi mtima wonse, anati ndawatsegula maso, ndipo anafunsa ngati ndidzaitanenso maphunziro ena.

Ndinawaitanadi, sabata yotsatira, pansi pa mango womwe uja. Ndinaima pamaso pa anthu makumi awiri ndi kunena kuti ndinalakwitsa, afufute mzere uja m'makope mwawo. Ena anafufuta. Mayi wina anafunsa kuti tsono alembe chiyani m'malo mwake, ndipo nditayamba kufotokoza anatopa, cholembera chili m'mwamba, chifukwa zoona zake sizikwana mzere umodzi. Mzere wabodza uja unali waufupi, wokoma, wosavuta kunyamula. Ndikudziwa kuti ukuyendabe m'midzi mpaka lero.

Ukwati unachitika pa tsiku lake. Sindinapiteko ngakhale anandiitana. Ndinamva kuti kunali anthu ambiri, kuti Zaina anakongola, ndi kuti madzulo ake anakwera minibasi ya ku Balaka ndi masutikesi awiri. Sukulu ya mkombaphala inapeza mtsikana wina.

Panapita miyezi isanu. Lachiwiri lina, nditamaliza kuona odwala khunyu amene amabwera kudzatenga mankhwala a mwezi, ndinasuzumira panja ndipo pabenchi panali patatsala munthu mmodzi. Anali Abiti Haruna, atavala nsalu yatsopano, nsapato zili m'manja. Anali atayenda wapansi kuchokera kumudzi mpaka pamsewu chifukwa njinga zamoto sakwera.

Analowa, nasankha mpando woyang'ana kuchitseko. Ndinachisiya chotsegula.

"Zaina ndi woyembekezera," anatero. "Anandiimbira pafoni ya Lydia."

"Zikomo kwambiri, mayi. Ndi nkhani yabwino."

"Ndi yabwino." Anandiyang'ana kumaso. "Anesi, ndinene zoona? Mawu anu oyamba aja ndiwo anali abwino."

"Anali olakwika, mayi."

"Kaya. Koma tsiku limene anandiuza kuti zili m'magazi ndinagona tulo. Ndinati ndiye kuti ndi Mulungu, magazi sindinasankhe ine. Zaka zonsezi ndimaona mwana wanga akugwa pansi, mtima kumandiuza kuti Dalesi, wamuwononga mwana ndiwe. Inu munabwera n'kundichotsera katunduyo. Kenaka munabweranso pakhomo panga pomwe, pamaso pa alendo, kudzandisenzetsanso."

Linali dzina lawo lenileni limenelo, Dalesi, ndipo ndinali ndisanamvepo munthu akulitchula. Ndinafuna kunena zambiri. Ndinafuna kunena kuti kuphunzitsa mwana mantha si mlandu pamene mantha amenewo ndiwo anakupulumutsa, kuti wolakwa ndi amene anabwera ndi mfuti, kuti mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi anachita zimene anadziwa ndipo anapitiriza kuzichita chifukwa palibe anamuuza kuti nkhondo yatha m'njira imene thupi lake likanamva. Zina mwa izi ndinanenadi. Anamvetsera mwaulemu, monga anthu amamverera nesi.

"Ine ndimawatseka pakamwa kuti asilikali asawamve," anatero. "Ndimadziwa kuti kuno kulibe asilikali. Koma manja amapita okha."

"Ndikudziwa. Zimenezo ndi zimene tingagwirirepo ntchito."

"N'chimene ndabwerera. Munati pali kukambirana kwa milungu ingapo." Anaika nsapato pansi, nawongola nsalu pamaondo. "Mwana abadwa mwezi wa Febuluwale. Ndawerenga, yatsala milungu makumi awiri. Ikwana?"

"Ikhoza kuthandiza kwambiri. Anthu ambiri amapeza kusintha."

"Ndikamaliza mudzandilembera kalata yopita kwa Che Sumani? Yoti ndachira, akhoza kundisiyira mdzukulu wanga ngakhale masana amodzi?"

Ndinayang'ana cholembera changa. Ndikanatha kulemba kuti anabwera milungu yonse, kuti akugona bwino, kuti kugunda kwa chitseko sikukuwathamangitsanso, ngati zikanakhaladi choncho. Koma ndinadziwa kale funso limene bambo uja adzafunse akadzawerenga, ndipo ndinadziwa kuti sindidzalumbira.

"Ndidzalemba zoona zokhazokha, mayi. Sindikudziwa ngati zidzawakwanire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati munthu amene wazolowera kulandira theka la zimene wapempha.

"Chabwino," anatero. "Ndiyambire pati?"

"Paliponse pamene mungathe. Tikhoza kuyamba ndi za lero, zakalezo tidzafika pang'onopang'ono."

"Iyayi, nthawi ndi yochepa." Anapumira m'mwamba, nagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri. "Mng'ono wanga uja dzina lake linali Asiyatu. Anali ndi chaka chimodzi, ndipo panjira ponse ndinkamuuza kuti asalire."